Foliki asidi: funso lalikulu ndi lakuti muyamba liti

"Kusikelo amatipatsa kale mapilisi oonjezera magazi. Nanga zoyamba kumwa foliki asidi ndisanaime zachokera kuti?"

Zachokera pa kawumbidwe ka mwana. Msana ndi ubongo zimayamba ngati kangalande kotseguka, kamene kamatsekeka pofika tsiku la 28 chikhalireni mimba. Nthawi imeneyo mayi amakhala atangodumpha kusamba kamodzi, mwina akuganizabe kuti ndi kutopa kothyola tiyi. Foliki asidi ndi vitamini wothandiza kutsekekako, ndipo akachepa masiku amenewo, kangalande kaja kakhoza kutsala kotseguka. Mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, miyendo yofooka, mkodzo osaugwira, nthawi zina madzi n'kudzaza m'mutu. Pakatseguka cha kumutu, ubongo sukula ndipo mwana sakhala moyo.

Tsono ambiri kuno timabisa mimba mpaka itaonekera, n'kukayamba sikelo mwezi wachinayi. Mapilisiwo athandizabe magazi, koma za msana zimakhala zitatha kale.

"Ndimwe wochuluka bwanji?"

Mayikulogalamu 400 tsiku lililonse, kuyambira mwezi umodzi kapena itatu musanaime mpaka masabata 12 a mimba. Tsiku lopita kukachotsa kachipangizo kolera kapena losiya jakisoni wolera ndiye lofunsa anamwino za mapilisiwa. Sikelo ikayamba, pitirizani aja osakaniza ndi ayironi. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi ayironiyo.

Amene anaberekapo mwana wa vuto la msana, odwala shuga, ndi omwa mankhwala a khunyu amafunika mlingo wokwera, mamiligalamu 4 kapena 5, koma wolembedwa ndi adokotala. Mlingo waukuluwu umafooketsa fansida woteteza malungo, ndiye si wodzigulira. Mankhwala a khunyu musasiye panokha.

"Nandolo ndimadya pafupifupi tsiku lililonse. Sizokwanira?"

Nandolo ndi wabwino ndithu, ndipo ife a ku Thyolo ndi Mulanje tili ndi mwayi pamenepo. Koma kapu imodzi ya nandolo wophika siifika ndi theka lomwe la 400 uja, komanso thupi limatenga wa m'zakudya movutirapo kusiyana ndi wa m'pilisi. Idyani, n'kumwanso. Onjezani nyemba, khobwe, nsinjiro, bonongwe, mpiru, therere, ndi mapeyala aja amangogwa pansi nyengo yake.

Chimene chimatiwononga ndi kaphikidwe. Vitamini ameneyu amatha ndi moto ndipo amasungunukira m'madzi. Masamba obwata mpaka kuda, madzi ake n'kutaya, ndiye kuti mwadya makoko. Thirani madzi pang'ono, vundikirani, phulani akadali obiriwira, msuzi wake mudyere nsima. Ndiwo za dzulo zotenthetsa kawiri katatu zimatayanso wambiri.

"Ufa wa m'sitolo akuti muli mavitamini?"

Inde, malamulo a dziko lino amati makampani akuluakulu azithira foliki asidi mu ufa wa tirigu ndi wa chimanga. Onani chizindikiro papaketi. Koma mgaiwa wa kuchigayo cha pamsika, chimanga chake chochokera m'nkhokwe mwanu, mulibe chothiramo chilichonse.