Kamera iime nji, kapena ipume?

Mayi wina wa ku Kapata amene amasinja chiponde n'kumagulitsa m'mabotolo anabwera kwa ine foni ili m'manja. Mwana wawo anawapangira kavidiyo kotsatsa malonda pa pulogalamu ija yomwe umailembera mawu, iyo n'kukutulutsira zithunzi zoyenda. "Bambo, taonani botolo langali," anatero. "Likuoneka ngati lakwera bwato." Ankanena zoona. Botolo linkayendayenda, tebulo likupendekera uku ndi uku, ndipo munthu sakanatha kuyang'anitsitsa chiponde chimene ankamuitanira kuti agule. Nditafunsa zimene mnyamatayo analemba, ndinapeza mawu akuti `shaky handheld`, kutanthauza kamera yogwira m'manja yogwedera, ali koyambirira kwenikweni. Anawaona penapake, anaganiza kuti ndiwo amakometsa vidiyo.

Ife ojambula tili ndi njira ziwiri zimene zimasokonezedwa kawirikawiri. Yoyamba ndi kukhazika kamera pa thiraipodi, chija cha miyendo itatu, n'kumanga zomangira zake zonse ziwiri, chotembenuzira kumbali ndi choweramitsira. Ikatero kamera siisuntha ngakhale pang'ono, chimene chikuyenda ndi chokhacho chili mkati mwa chithunzi. Yachiwiri ndi kuigwira m'manja. Apa wojambula wodziwa ntchito sagwedeza dala. Amapanikiza zigongono m'nthiti, amapinda maondo pang'ono, amayesetsa kuima chilili, ndipo kakugwedera kotsalako n'kochokera ku mpweya wake ndi kulemera kwa kamera. Ndimakonda kunena kuti kamera ikupuma.

Posankha ndimadzifunsa kuti woonera ndikumuika pati. Ngati ndikufuna akhale pansi ayang'anitsitse, awerenge mtengo, aone kusalala kwa chiponde, kamera iime nji. Diso silingawerenge bwino chinthu chimene chikuthawa. Ngati ndikufuna amve kuti ali pakati pa anthu, kamera ipume. Amene anafikako ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale akudziwa mmene zimakhalira impi zikamaponda pansi, fumbi lili koboo. Ukajambula zimenezo uli pafupi, kamera ili m'manja, woonera amamva ngati nayenso fumbi likumulowa m'mphuno. Koma Nkhosi Mpezeni akakhala pampando, iwe uli patali ndipo wakoka lenzi kuti uwayandikitse, thiraipodi ndi yosapeweka. Lenzi yokokera patali imakulitsa chithunzi pamodzi ndi kunjenjemera kwa dzanja lako, kotero kakugwedera komwe sikaoneka pa lenzi ya mamilimita 24 kamasanduka chivomezi pa ya 200. Ndiponso mfumu yogwedezeka pa sikirini ndi yochotsedwa ulemu, ine sindingaipereke kwa munthu.

Kavidiyo ka mayi aja tinakagawa pawiri. Chigawo cha botolo chinafunika kuima. Mapulogalamu amenewa ambiri amamva bwino Chingelezi, choncho mawu ake ndiwalemba mmene tinawalowetsera:

```
Locked-off tripod shot. The camera stays completely still.
A jar of peanut butter on a wooden table.
A hand lifts a spoonful slowly out of the jar.
```

Onani kuti sitinalembe `no camera movement`. Kuletsa kumakanika kawirikawiri, chifukwa pulogalamu imatha kugwira mawu onena za kusuntha kwa kamera n'kuphonya kakuletsa kali patsogolo pake. Ndi bwino kuiuza chimene kamera ikuchita, ndipo kuima nakonso ndi chochita. Mzere wachitatu ndi umene anthu amauiwala. Vidiyo imayenera kukhala ndi chinachake choyenda, ndipo mukapanda kutchula chimenecho pulogalamu imasankha yokha. Nthawi zambiri imayamba kukankhira kamera kutsogolo pang'onopang'ono, apo ayi imakupatsani chithunzi chouma ngati cha pakalendala. Dzanja ndi supuni zija zinatenga ntchito yoyenda, kamera n'kupeza mpata woima.

Kuti mudziwe ngati yaimadi, musayang'ane pakati. Ikani chala pa sikirini pamene pali ngodya ya tebulo, muonere kuyambira poyamba mpaka pothera. Ngodya ikachoka pansi pa chalacho, kamera yayenda. Ulendo woyamba ife inachokadi, inatsetserekera pansi m'masekondi omalizira. Tinadula kumapetoko, n'kutsala ndi masekondi anayi abwino, omwe anakwanira. Dzina la chiponde ndi mtengo tinaziika pamwamba pokonza vidiyo, popeza zilembo zopangidwa ndi pulogalamu zimakonda kupindika, ndipo pa chithunzi choima n'posavuta kuziika.

Chigawo chachiwiri chinali cha mzimayi akudutsa mumsika, dengu la mabotolo lili pamutu. Apa kamera youma ikanapha msika wonse. Koma mawu oti `shaky` ndi oopsa, amabweretsa kugwedera kwa munthu amene akuthawa chipolowe. Tinalemba chonchi:

```
Subtle handheld, eye level, wide lens.
Gentle sway, as if the operator is walking slowly behind her.
The horizon stays level.
```

Chimene chimathandiza kwambiri pamenepa ndi kunena chimene wogwira kamerayo akuchita. Munthu woima chilili amagwedeza mosiyana ndi woyenda, woyenda amasiyana ndi wothamanga, ndipo mukatchula zimenezo mwapereka muyeso umene liwu limodzi silingapereke. Mzere womaliza umaletsa kupendekera kuja kumene kunachititsa mayi aja kuona bwato. Chimene simuyenera kuchita ndi kusakaniza ziwirizi m'chiganizo chimodzi, monga `static handheld`. Pulogalamu imangotola limodzi, ndipo simudziwa kuti itola liti. Ngakhale mnyamata amene ndimagwira naye ntchito sindimuuza kuti "gwedeza pang'ono", chifukwa akamva zimenezo amayamba kuvinitsa manja. Ndimati, "Mphwanga, igwire m'manja, koma uyesetse kuti isagwedere." Zotuluka zake ndi zimene ndimafuna.

Pali njira ina imene ndimatsata ndikakayika. Ndimapanga chithunzi choima, kugwedera n'kudzakuika pokonza. Mu pulogalamu yokonzera vidiyo ya DaVinci Resolve muli `Camera Shake`, ndipo mu inzake ya After Effects mungalembe izi pa `Position`:

```
wiggle(1, 8)
```

Nambala yoyamba ikunena kuti chithunzi chisunthe kamodzi pa sekondi, yachiwiri kuti chisunthe ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 8. Muyenera kukulitsa chithunzicho pang'ono, mwina kufika pa 103 peresenti, kuti m'mphepete musaoneke mdima chikamasuntha. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuchepetsa kapena kuchotseratu, pamene kugwedera kobadwa nako kuchotsa kwake n'kovuta ndipo kumadya m'mphepete mwa chithunzi. Malire ake ndi awa: kamera yeniyeni ikasuntha, zinthu zapafupi zimasuntha kwambiri kuposa zakutali, nsanamira ya shedi imatsetsereka patsogolo pa phiri la Kanjala. Kugwedera koikidwa pambuyo kumasuntha zonse pamodzi ngati chithunzi chapapepala. Pa nkhope ya munthu amene waima kutsogolo kwa khoma palibe angazindikire. Mumsika, momwe muli zapafupi ndi zakutali zambiri, zimaonekera.

Mayi aja malonda awo amayenda pa WhatsApp, ndipo izi nazonso zinalowa m'chiweruzo. WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, ndipo kufinyako kumadalira kusunga mbali za chithunzi zimene sizikusintha. Kamera ikaima, khoma ndi tebulo zimakhala zomwezomwezo, botolo limafika kwa wogula likuoneka bwino. Ikamagwedera, chilichonse chimasintha nthawi zonse, ndipo timabokosi tija timayamba kuoneka, makamaka pa zinthu zamawangamawanga ngati chitenje. N'chifukwa chake chigawo chamumsika tinachisiya pa masekondi atatu okha, botolo n'kutenga poyambira ndi pothera. Tisanawapatse tinayamba tadzitumizira tokha pa foni yotsika mtengo, n'kuwerenga mtengo uja tili panja, padzuwa.