Adirenalini amafunanji m'jakisoni wa dzanzi?

Odwala ambiri akamva kuti asokedwa kapena azulidwa dzino amafunsa kuti, "Adokotala, mundigoneka?" Nthawi zambiri yankho ndi ayi. Mankhwala ogonetsa ndi mankhwala a dzanzi onse amaletsa ululu, koma amagwira malo osiyana kwambiri.

Ululu umayambira pabala, n'kuyenda m'minyewa ngati mphamvu ya magetsi mpaka ku ubongo, ndipo munthu amaumva ukafika kumeneko. Mankhwala ogonetsa amapita ku ubongo komweko kudzera m'magazi, kaya abayidwa mumtsempha kapena munthu wawapuma ngati mpweya. Mwa mankhwala ogonetsawa, puropofolo amawonjezera mphamvu ya zinthu zimene mwachibadwa zimatontholetsa maselo a ubongo, pamene ketamini, amene timamudalira kwambiri m'zipatala za m'maboma, amatseka njira imene maselowo amadzutsirana. Bala limatumizabe uthenga, kungoti woumva palibe. Vuto ndi lakuti ubongo womwewo ndiwo umayendetsa kupuma ndi kutsokomola. N'chifukwa chake timakuletsani kudya kwa maola 6 musanalowe m'fiyeta, kuopa kuti mungasanze muli mtulo masanziwo n'kulowa m'mapapo.

Mankhwala a dzanzi, monga liginokeni, ubongo alibe nawo ntchito. Kuti uthenga uyende m'mnyewa, timabowo tating'onoting'ono ta pakhungu la mnyewawo timatseguka motsatizana n'kulowetsa sodiyamu, yemwe amapezeka mu mchere wa m'thupi. Liginokeni amalowa m'mnyewa n'kutseka timabowoto cham'kati, uthenga n'kuthera pomwepo. Timinyewa topyapyala tonyamula ululu timagonja msanga kuposa tonyamula kukhudza. Ndiye mukamamva dzino likugwedezedwa koma osapweteka, musaganize kuti jakisoni wakana.

Liginokeni ali ndi khalidwe limodzi lodzipweteka nalo yekha: amatanula mitsempha ya magazi pamalo pamene wabayidwa. Magazi amachuluka, n'kumukokolola asanakhalitse. Dzanzi limatha pasanathe ola limodzi, bala limakha magazi ambiri, ndipo mankhwala amathamangira m'thupi lonse, kumene amakatseka timabowo ta sodiyamu ta mu ubongo ndi mumtima. N'chifukwa chake timamusakaniza ndi adirenalini, mankhwala ofanana ndi amene thupi limatulutsa munthu akachita mantha. Adirenalini saletsa ululu ayi. Ntchito yake ndi kufinya mitsemphayo kuti mankhwala atsale pamene akufunika. Dokotala wa ku Jeremani Heinrich Braun ndiye adafalitsa njira imeneyi mu 1903, nthawi imene ankagwiritsa ntchito kokeni ngati mankhwala a dzanzi.

Tiyerekeze bambo wolemera makilogalamu 60 amene watemedwa ndi chikwanje pamutu, malo otuluka magazi kwambiri. Liginokeni wopanda adirenalini ambiri timamuwerengera mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, ndiye malire ndi mamiligalamu 180. Botolo lolembedwa 1% lili ndi mamiligalamu 10 pa mililita, choncho sitipyola mamililita 18. Akakhala ndi adirenalini, malire amakwera kufika mamiligalamu 7 pa kilogalamu, kutanthauza mamiligalamu 420 kapena mamililita 42. Dzanzi limakhala maola awiri kapena kuposerapo, ndipo khungu lozungulira bala limayererako, chizindikiro choti mitsempha yafinyika. Apa pamafunika kuleza mtima. Dzanzi limabwera msanga, koma magazi amachepa bwino pakapita mphindi zingapo, ndipo wothamangira kusoka amataya theka la phindu lake.

Adirenalini wakeyo ndi wochepetsetsa. Botolo lolembedwa 1:200,000 lili ndi mamaikulogalamu 5 okha pa mililita. Komabe singano ikalasa mtsempha, mtima umathamanga, manja n'kumanjenjemera kwa mphindi zochepa. Anthu ambiri onena kuti "jakisoni wa mano sindiyanjana naye" anakumana ndi zimenezi, osati kuwengedwa kwenikweni, kumene kumachitika mwa apo ndi apo. Pofuna kupewa izi timayamba takoka sirinji kuti tione ngati mukubwera magazi. Zizindikiro zoopsa ndi zina: dzanzi kuzungulira milomo pamene sipanabayidwe, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kulira kwa m'makutu, chizungulire. Apo liginokeni wachuluka m'magazi, ndipo chotsatira chingakhale kugwa ngati wakhunyu. Mukamva zotere nenani pomwepo, musachite manyazi.

Pali malo amene adirenalini sitimufuna. Pa mdulidwe wa abambo timabaya liginokeni wopanda adirenalini, chifukwa mitsempha yakumeneko ikafinyika palibe njira ina yodzera magazi. Pa zala madokotala ena masiku ano amamugwiritsa ntchito, koma kwa munthu wa shuga kapena amene magazi sayenda bwino m'miyendo ine sindingayerekeze. Wodwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi anene asanabayidwe kuti tichepetse mlingo, ndipo wogonetsedwa ndi mpweya wa haloteni timamusamala kwambiri, poti haloteni ndi adirenalini akakumana amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Pa chithupsa chodzadza mafinya, adirenalini sathandiza. Malo otupa amakhala ndi asidi wambiri, amene amalepheretsa liginokeni kulowa m'mnyewa. Pamenepo timabaya chapatali, pamene mnyewawo ukuchokera, ndipo ngati chithupsacho n'chachikulu kapena wodwala ndi mwana, timamugoneka ndi ketamini.