Manda enieni kapena chipilala chabe? Mafunso a ku Nkhotakota

"Ndaona dzina la munthu wotchuka pamwala. Ndiye kuti anaikidwa pomwepo?"

Ayi, dzina palokha silikwanira. Anthu amazika chipilala pamene munthu anafera, pamene anagwira ntchito, ngakhale pamene anangopumulapo. Chitsanzo chili pakhomo pathu pompano: mtengo wa Livingstone, umene amati ndi pamene anakumana ndi Jumbe, mtsogoleri wachiswahili wa kuno ku Nkhotakota, m'zaka za m'ma 1860. Alendo ena amafika atavula zipewa poganiza kuti ali pamanda. Koma Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia, ndipo kumeneko anakwirirako mtima wake wokha pansi pa mtengo. Thupi analiumitsa, n'kulinyamula mpaka kugombe la nyanja yamchere, ndipo linaikidwa ku Westminster Abbey ku London mu 1874.

Werengani mawu onse a pamwalapo. Akanena kuti "pano pagona", mwalawo ukuchitira umboni kuti pansi pali thupi. Akangoti "pokumbukira", nkhani sinathe, chifukwa mawu amenewa amalembedwa pa ziliza zenizeni ndi pa zipilala zomwe.

"Nanga ndiyambire pati kufufuza?"

Tsatani mtembo, kuyambira tsiku la imfa mpaka tsiku loika maliro. Tengani nkhani ya Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Angilikani. Anali Bishopu wa Likoma, motero ambiri amathamangira kukafuna manda ake pachilumbapo. Koma iye anamira m'nyanja pa 2 Sepitembala 1895, bwato lake litagubuduzika ndi namondwe, akuchokera kumene ku Mangalande kumene anakamudzoza ubishopu. Pa ulendowo, ku Likoma sanafikeko.

Funso lotsatira n'lakuti, thupi linapezeka? Linapezeka patapita masiku, ndipo mkanjo wake waunsembe ndiwo unathandiza kumuzindikira. Apa ganizirani za kutentha kwa kunyanja m'mwezi umenewo, kopanda mochale, kopanda galimoto. Thupi lotere silikanayenda ulendo wautali. Analitengera ku Nkhotakota, kumene amishoni a Angilikani a bungwe la UMCA anali atayamba kale ntchito, ndipo manda ake ali pa tchalitchi cha All Saints. Sitima yotchedwa dzina lake, imene inayamba kuyenda panyanja mu 1901, ndi chikumbutso chabe.

Mukatsata chonchi, funani umboni wolembedwa pafupi ndi nthawi ya malirowo: kaundula wa maliro wa pampingo, makalata a amishoni, kapena mafayilo a boma amene amasungidwa ku Zomba. Chikwangwani choikidwa posachedwa chimangobwereza zimene wochilemba anamva.

"Agogo anga amaloza malo ena, buku likunena ena. Ndikhulupirire ndani?"

Musafulumire kutaya mawu a agogo. Manda a mafumu ndi a masheikhi ambiri sanalembedwe m'kaundula aliyense, ndipo amene amawadziwa ndi mbumba, adzukulu ndi akuluakulu a pamzikiti. Chofunika ndi kafunsidwe. M'malo mofunsa kuti "Manda a uje ndi awa?", funsani kuti, "Agogo, inu munamva kwa yani? Amene anakuuzaniwo analipo pamaliro? Ndani amalambula pamenepa?" Mabanja awiri osagwirizana akaloza malo amodzi, umboniwo ndi wolemera.

Malowo nawonso amayankhula. Msilamu amagonekedwa chakumanja nkhope italoza ku Maka, ndipo kuchokera kuno Maka ali chakumpoto, choncho manda amatalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Manda enieni kawirikawiri amakhala pakati pa anzake, pamene chipilala chimaima chokha pambali pa msewu kuti anthu achione. Simenti yatsopano isakusokonezeni, pakuti chiliza chikhoza kuwakidwa patapita zaka zambiri pamanda akale.

Pa a Jumbe pamafunika kusamala kwambiri. Limeneli linali dzina laudindo, ndipo analipo angapo motsatizana kuyambira pa Salim bin Abdallah. Womaliza anachotsedwa ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890 n'kutumizidwa ku Zanzibar. Munthu akakuonetsani "manda a Jumbe", funsani kuti Jumbe wake uti.

"Bwanji osangokumba kuti tione?"

Musayerekeze. Lamulo la dziko lino loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaletsa kukumba kapena kusuntha kanthu pamalo otere popanda chilolezo cha boma, ndipo nkhanizi zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yosunga zinthu zakale. Kufukula mtembo popanda chilolezo ndi mlandu. Kumudzi nako kuli lamulo lake: kumanda salowako popanda kudzera kwa a mfumu, makamaka kumene kuli dambwe. Mukafuna kujambula kapena kuyeza manda, pemphani kaye, ndipo pitani ndi munthu amene a mfumu kapena akumpingo akupatsani.