Nkhoko yoyera ya m'ketulo: kumene imachokera ndi mmene mungaichepetsere

Ketulo yowiritsira madzi a pa mjigo m'madera ambiri a ku Salima siichedwa kuyera pansi. Mumamera nkhoko youma, yokhakhala, yosachoka ndi sitiliwulu. Ambiri amati ndi mchere, koma mchere wa m'ndiwo ukanasungunuka mukangothiramo madzi. Imeneyo ndi layimu, yofanana ndi choko cha kusukulu.

Madzi a mvula akamalowa pansi amatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi m'nthaka, n'kuyamba kusungunula pang'onopang'ono miyala yokhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu. Pa mjigo amatuluka oyera mbee, layimu yosaoneka. Mumangowadziwira pa sopo: thovu silibwera, pamwamba pa beseni pamayandama zotuwa. Mukawatereka, moto umathamangitsa mpweya uja, ndipo kashiamu amene mpweyawo unkamusunga m'madzimo amasanduka mwala.

Ca(HCO₃)₂ → CaCO₃ + CO₂ + H₂O

Shuga amasungunuka bwino m'madzi otentha, koma layimu imachita zosiyana: pamene patentha kwambiri ndi pamene imamata. N'chifukwa chake imayambira pa elementi, kachitsulo kotenthetsa madzi ndi magetsi, ndi pansi pa ketulo. Ikakuta chitsulo, kutentha kumavutika kudutsa, madzi amachedwa kuwira, ndipo elementi imatentha mopyola mpaka kupsa. Giza ikayamba kuphulikaphulika ngati chimanga chokazinga, dziwani kuti madzi akuwira pansi pa nkhoko. M'boyila ya nthunzi ngozi imakula, poti paipi yokutidwa mkati imatha kufewa n'kung'ambika.

Kuchuluka kwa layimu amakuyeza mu mamiligalamu pa lita. Madzi osafika 60 ndi ofewa, opyola 180 ndiye oipitsitsa pa nkhaniyi. Tiyerekeze kamalo kogulitsira tiyi pa msika, kowiritsa malita 40 tsiku lililonse, madzi ake ali pa 300. Layimu yonse itati itsale m'chiwiya, ndi magalamu 12 patsiku, 360 pamwezi. Lita imodzi ya viniga wa m'golosale, wa 5 peresenti, imasungunula magalamu pafupifupi 40 basi. Mukadikira mwezi mufunika malita 9, pamene kutsuka sabata iliyonse nkhoko ikadali yopyapyala kumatha msanga ndipo zambiri zimangoyoyoka.

Potsuka, sakanizani viniga ndi madzi theka ndi theka mpaka nkhoko imire, tenthetsani osawiritsa, musiye kwa ola limodzi, kenako tsukuluzani ndi kuwiritsa madzi oyera kawiri n'kutaya. Mandimu nawo amagwira, makamaka nkhoko ikakhala yaing'ono. Thovu likasiya nkhoko ikadalipo, viniga watha mphamvu, thirani wina. Musapale elementi ndi mpeni, musagoneke viniga mumphika wa aluminiyamu, ndipo musamusakanize ndi klorini chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni. Soda musaikemo, amangopha mphamvu ya viniga. Nkhoko yosachita thovu ngakhale pang'ono mukadontheza viniga ndi ya mtundu wina, ya salifeti kapena silika, ndipo ikakhala m'boyila ndi ntchito ya amisiri.

Kufewetsa madzi ndi nkhani ina. Sefa ya nsalu, ya mchenga kapena mankhwala ophera tizilombo sizichotsa layimu, chifukwa ndi yosungunuka. Pakhomo, njira yotsika mtengo ndi kuwiritsa madzi mumphika waukulu, kuwasiya adikhe usiku wonse, n'kutunga apamwamba okha kuti muthire m'ketulo. Izi zimangochotsa gawo lija lotuluka ndi moto, koma ndi lomwelo limene limaononga ketulo. M'dzinja madzi a padenga lamalata alibe layimu, bola mutaye oyamba otsuka fumbi. Giza muiike pa madigiri 60: mukakweza, nkhoko imafulumira, mukatsitsa kwambiri, mumaswana tizilombo ta chibayo.

Malo ogona alendo ndi ochapira zovala zambiri amafunika makina ofewetsera madzi. Ndi thanki yodzaza timikanda ta rezini timene timagwira kashiamu ndi maginiziyamu n'kutulutsa sodiyamu m'malo mwake. Timikandato tikakhuta timatsukidwa ndi madzi a mchere wambiri, ndiye mchere ukatha m'thanki yake layimu imabwerera mwakachetechete, mumangoona sopo wayambanso kuvuta. Madzi ofiirira a dzimbiri amatseka timikandato, choncho dzimbiri lichotsedwe kaye. Makinawa sachotsa kuwawa kwa mchere, amawonjezeranso sodiyamu, moti madzi a mpopi wakumwa ndi bwino asadutse m'makinawo. Mjigo wowawa mchere umafuna makina okankha madzi pa kachikopa kosefa, amene amadya magetsi ndi kutaya madzi ambiri. Maginito amene ena amamanga pa paipi kuti afewetse madzi sachotsa kashiamu, ndipo mukayezetsa madzi otuluka mupeza nambala yomwe ija.

Musanagule chilichonse, yezetsani madzi a mjigo wanu, ndipo funsani manambala atatu: layimu, mchere wonse wosungunuka, ndi dzimbiri.