Pomasulira uthenga wa chikondi, yambani mwafunsa: iwe kapena inu?

Tiyerekeze kuti mayi wa kwa Kamwendo ku Mchinji ali pa ubwenzi ndi bambo wa ku Kenya amene anadziwana naye ku Joni. Bamboyo amalemba Chingerezi pa WhatsApp, mayiyo amachimva mwapatalipatali, ndiye wapempha inu kuti muzimumasulira. Musanayambe, funsani kuti awiriwa amaitanana bwanji akakhala pamodzi. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha, "you", koma Chichewa chimakukakamizani kusankha. "Ndakusowa" ndi wa anthu ozolowerana. "Ndakusowani" ali ndi ulemu wa m'banja, ndipo kwa amayi ambiri a kumudzi ndi amene amafika pamtima. Mukasankha, musasinthesinthe. Munthu amene dzulo amatchedwa inu, lero n'kumva iwe, amaganiza kuti kwavuta.

Tsono tiyeni tione uthenga womwe wabwera: "Baby, I'm dying to see you. I can't live without you." Womasulira liwu ndi liwu alemba kuti "Mwana, ndikufa kuti ndikuone, sindingakhale moyo popanda iwe." Mayiyo adzidzimuka, mwina afunsa ngati bamboyo akudwala kapena akufuna kudzipweteka. Chonsecho m'Chingerezi mawuwa anatha mphamvu kalekale chifukwa chonenedwa tsiku ndi tsiku, pomwe kwathu imfa sitiitchula mwachisawawa. Muyezo wake woyenera ndi uwu: "Wokondedwa, ndikulakalaka kukuonani. Kuno sikukukoma popanda inu." Liwu loti bebi lisiyeni, pokhapokha ngati mayiyo amaligwiritsa kale ntchito, chifukwa ena amalimva ngati la zibwenzi zongocheza.

Samalaninso ndi "I love you". "Ndakukondani" ndi mawu a munthu amene akufunsira kumene. Kwa anthu amene atha chaka ali limodzi, oyenera ndi "ndimakukondani", poti ka "ma" ako ndi kamene kakusonyeza kuti chikondicho n'cha masiku onse.

Povuta kwenikweni ndi pa yankho. Mayiyo anena kuti, "Muwafunse ngati adya. Muwauze kuti chimanga chamasula, ndipo nkhuku ija ndikusungira iwo." Ife tikumva kuti apa chikondi chasefukira. Bamboyo akalandira mawuwa osawakonza aona ngati lipoti la kumunda. Womasulira ambiri amathamangira kuthiramo zawo, za mwezi ndi nyenyezi, ndipo ndi kulakwa kwakukulu: tsiku lokumana bamboyo adzayembekezera mkazi wolankhula choncho, osamupeza. Chofunika ndi kufunsa mwini wake kuti, "Kodi ndiwonjezerepo kuti mumawaganizira?" Akavomera, ikani chiganizo chimodzi chokha, nkhani ya nkhuku ija muisiye momwemo.

Musanatumize, bwezerani m'Chichewa zimene mwalembazo, mumuwerengere mokweza. Akaseka mwamanyazi n'kunena kuti "Ayi, ine sindingatero," ndiye kuti mwapyoza muyezo. Chotsani chiganizo chimene wachikanacho, muwerengenso mpaka avomere kuti ndi mawu ake.