Paipi yokweza madzi pakhoma popanda injini, ndi kampweya komwe kamaiyimitsa

Kawirikawiri munthu akandiitana kuti saifoni yake, paipi yowolotsa madzi pakhoma popanda injini, yasiya kugwira ntchito, ndimamupeza akufufuza pamene pakudontha. Amasisita paipi yonse ndi dzanja, aipeza youma, ndiye n'kunena kuti paipi ilibe vuto. Ine ndimayamba kukayikira pomwepo. Bowo limene lili pamwamba pa saifoni silitulutsa madzi. Limayamwa mpweya, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chimachititsa kuti madzi akwere khoma poyamba.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Pali thanki ya madzi, ndipo pambali pake pali khoma. Kuchokera pamene madzi alekezera m'thankimo kukafika pamwamba pa khoma pali mita imodzi ndi theka. Kuseri kwa khomalo nthaka ndi yotsika, moti kukamwa kwa paipi kumene madzi azitulukira kuli mita imodzi pansi pa mulingo wa madzi a m'thanki. Paipi yathu tsono ili ndi miyendo iwiri: mwendo wokwera, wa mita imodzi ndi theka, ndi mwendo wotsika, wa mamita awiri ndi theka. Poyeza miyendoyi sititsata kutalika kwa paipi mmene yapindikira. Timayeza choimirira, kuchokera m'mwamba kupita pansi, ngati mmene mmisiri amalendewetsera chingwe chokhala ndi mwala kunsonga.

Paipiyo ikadzaza madzi kuchokera uku mpaka uko, madzi a m'mwendo uliwonse amafuna kugwa pansi. A m'mwendo wokwera amafuna kubwerera m'thanki, a m'mwendo wotsika amafuna kutulukira kuseri. Onse akanagwa, pamwamba pa paipi pakanatsala malo opanda kanthu, opanda madzi ngakhale mpweya. Chimene chimaletsa zimenezi ndi mpweya wotizungulirawu. Sitimaumva kulemera chifukwa tinabadwiramo, koma umapsinja chilichonse, kuphatikizapo madzi a m'thanki. M'malo otsika, a pa mulingo wa nyanja yaikulu yamchere, kupsinja kumeneku n'kokwanira kugwira madzi oimirira m'paipi mpaka mamita 10.3.

Tsono taonani masamu ake, ndi osavuta. Kumbali ya thanki, mpweya ukukankha madzi kulowa m'paipi ndi mphamvu ya mamita 10.3, koma mita imodzi ndi theka ya mphamvuyo ikuthera kunyamula madzi a m'mwendo wokwera. Pofika pakhoma yatsala 8.8. Kuseri nako mpweya ukukankha pakamwa pa paipi ndi mphamvu yomweyo, koma uko ukunyamula mamita awiri ndi theka, ndiye pofika pakhoma yatsala 7.8. Pamwamba pa khoma pakumana mbali ziwiri zosafanana mphamvu, ndipo ya kuthanki yapambana ndi mita imodzi. Madzi amayenda kulowera kumene kukankha kuli kochepa. Mita imodzi imeneyi ndi ija tinayeza poyamba, kuchokera pa mulingo wa madzi kufika pakamwa potulukira. Ndiyo injini yonse ya saifoni. Kutalika kwa khoma sikunalowemo, chifukwa kunachotsedwa mbali zonse ziwiri mofanana.

Anthu ambiri amakonda kufanizira saifoni ndi unyolo wolendewera pamtanda, kuti mbali yaitali imakoka yaifupi. Fanizoli limathandiza kukumbukira kumene madzi alowere, koma ine sindilikonda kwenikweni, chifukwa limapangitsa munthu kuganiza kuti mbali yokhala ndi madzi ambiri ndiyo imapambana. Ikani paipi yonenepa kumbali ya thanki ndi yowonda kuseri, madzi a kumbali ya thanki alemere kuposa a kuseri, saifoni iyendabe kulowera kuseri. Chimene chimawerengedwa ndi kutalika choimirira, osati kuchuluka kwa madzi.

Nanga liwiro? Pakanakhala kuti madzi sakhuzana ndi m'kati mwa paipi, kusiyana kwa mita imodzi kukanawathamangitsa pafupifupi mamita 4.4 pa sekondi, liwiro la mwala umene wagwa kuchokera pa mita imodzi. Koma paipi imadya gawo lalikulu. Ngati yathuyi ndi ya mamilimita 13 m'kati ndipo ndi yaitali mamita 6, madzi ayenda mongopitirira pang'ono mita imodzi pa sekondi, kutanthauza malita 9 kapena kuyandikira pamenepo pa mphindi. Ndowa ya malita 20 idzaza pakangodutsa mphindi ziwiri. Mukafuna achuluke, tsitsani kukamwa kotulukira kapena pezani paipi yonenepa. Kugumula khoma kuti lifupike sikuwonjezera kanthu, kupatula kuti paipi ifupikako.

Tibwerere ku manambala aja a pakhoma. M'kati mwa paipi pamenepo kukankha kuli pakati pa 7.8 ndi 8.8, pamene kunja kwake mpweya ukupsinja ndi 10.3. Kunja n'kwamphamvu kuposa m'kati. N'chifukwa chake kabowo ka singano, mng'alu wa paipi yowauka ndi dzuwa, kapena polumikizira pomangidwa molobodoka sizidontha madzi pamalo amenewa. Zimalowetsa mpweya, nthawi zina ndi kaphokoso kosisima kamene mungakamve mutayandikiza khutu. N'chifukwa chakenso paipi yofewa kwambiri imaphwatalala pamene yakhota pakhoma: ikufinyidwa kuchokera kunja.

Mpweya ukalowa sikuti saifoni imafa nthawi yomweyo. Ngati madzi akuthamanga, tithovu ting'onoting'ono timakokoledwa n'kukatulukira kuseri, ndipo m'paipi yoonekera m'kati mumationa tikudutsa ngati mikanda. Vuto limayamba madzi akamayenda pang'onopang'ono. Thovu nthawi zonse limafuna kukwera. M'mwendo wokwera zimenezi sizivuta, chifukwa thovu ndi madzi akulowera kumodzi. M'mwendo wotsika ndi mmene mumakhala mkangano: madzi akulikankhira pansi, ilo likufuna m'mwamba. Madzi akalephera, thovulo limaima kuseri kwa khoma, pang'ono pansi pa pokhotera, ndipo anzake amalipeza pomwepo. Limakula n'kukhala thumba la mpweya, madzi n'kumangodutsa m'mphepete mwake ngati kamtsinje.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mpweya kulemera kwake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi madzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 800. Choncho chigawo chilichonse cha mwendo wotsika chimene mpweya walanda chili ngati chadulidwa. Thumba likatalika theka la mita, mwendo wotsika sulinso mamita awiri ndi theka, watsala awiri. Kusiyana kuja kwa mita imodzi kwatsika kufika pa theka. Madzi ayenda mofooka, ndiye sangathenso kukokolola ngakhale tithovu timene ankatikwanitsa poyamba, ndipo thumba likula mofulumira kuposa kale. Likafika mita yathunthu, miyendo iwiri ija yafanana, mita imodzi ndi theka uku, mita imodzi ndi theka uko. Palibenso wopambana. Madzi amaima, ndipo mpweya ukangolowanso pang'ono, kaya pabowo paja kaya kudzera kukamwa kwa paipi, a kuseri amakhuthukira pansi, a kuthanki amabwerera kwawo, paipi n'kutsala yopanda kanthu. Singadziyambitsenso yokha, chifukwa tsopano mpweya wa m'kati ukupsinja mofanana ndi wa kunja, ndipo palibe chokankhira madzi m'mwamba.

Pali china chimene chimasokoneza anthu: saifoni yopanda bowo lililonse imene imayenda bwino m'mawa n'kufa masana. Mpweya wake umachokera m'madzi momwemo. Madzi amasunga mpweya wosungunuka, ndipo amautaya akatenthedwa kapena kupsinja kukachepa, monga mmene chakumwa cha gasi chimachitira thovu mukatsegula botolo. Pamwamba pa saifoni zinthu ziwirizi zimakumana, makamaka paipi yakuda ikagona pakhoma padzuwa. Onjezerani kuti thanki ikamaphwa, mwendo wokwera ukutalika ndipo kusiyana kuja kukuchepa. Madzi akatsika ndi theka la mita, saifoni yathu yatsala ndi theka la mphamvu yake mpweya usanalowe n'komwe. Ndipo akayandikira kukamwa kolowera, amayamba kuzungulira ngati kamvuluvulu n'kuboola kanjira ka mpweya kuchokera pamwamba. Mukamva paipi ikuchita ngati munthu wopsontha phala lotentha, dziwani kuti zatsala pang'ono. Mangirirani mwala kukamwako kuti kumire ndithu, koma kusagunde pansi pamene pali matope.

Khoma lili ndi malire ake, ngakhale kuti tanena kuti silikhudza liwiro. Mwendo wokwera ukapitirira mamita 10.3, mpweya sungakankhenso madzi mpaka pamwamba. M'chaka cha 1630, Giovanni Battista Baliani wa ku Genoa, ku Italy, analembera katswiri wa sayansi Galileo kalata yodabwa kuti saifoni yake inalephera kuwolotsa madzi pa phiri la mamita pafupifupi 21, ndipo amene anadzaonetsa poyera kuti chinsinsi chake ndi kulemera kwa mpweya anali Evangelista Torricelli, amene ankathandiza Galileo pa ntchito yake, patapita zaka zoposa khumi. M'malo okwera mpweya ndi wopepukirapo: pa mamita 1,000 malirewo amatsika kufika pa mamita 9 ndi pang'ono. Koma pa ntchito yeniyeni sindingalangize munthu kuyandikira manambala amenewa, chifukwa madzi amayamba kutaya mpweya wawo wochuluka kutali musanafikeko.

Poyambitsa, njira yodalirika ndi kumiza paipi yonse m'madzi mpaka tithovu tileke kutuluka, kutseka kukamwa kumodzi ndi chala chachikulu, n'kukuwolotsa khoma kwinako kukadali m'madzi. Chalacho chichoke pokhapokha mwafika pansi pa mulingo wa madzi a m'thanki. Kuyamwa ndi pakamwa kumatheka pa madzi oyera ndi khoma lalifupi, koma pa petulo, palafini kapena mankhwala musayerekeze, chifukwa kadontho kakalowa m'mapapo n'koopsa kuposa kakapita m'mimba. Kukamwa kotulukira ndi bwino kukuika m'ndowa kuti kumire m'madzi, mpweya usamakwere chobwerera. Mukatero, kusiyana kuja muziyeza kuchokera pa mulingo wa m'thanki kufika pa mulingo wa m'ndowa, osati pakamwa pa paipi.

Saifoni ikamafa mobwerezabwereza, ine ndimayamba ndi kuona nthawi. Ngati ikufa patangopita mphindi zochepa, m'mawa kapena masana chimodzimodzi, pali bowo. Ndimachotsa paipi, kutseka mbali imodzi, kulumikiza inayo kumpope wa madzi, ndipo bowo lija linkabisala limaonekera likuthira kamadzi konga ulusi, pafupifupi nthawi zonse pamene paipi imagona pakhoma. Ngati ikufa dzuwa likakwera kapena thanki ikafika pakati, paipi ilibe mlandu. Ndimaifunditsa chiguduli pakhomapo, n'kutsitsa kukamwa kotulukira ndi theka lina la mita.