Chifukwa chake nyimbo yatsopano imachedwa kukufikani pa foni

Amene anapitapo kukaikitsa nyimbo mu memore khadi pa Mpondabwino akudziwa kuti mnyamata wodziwa ntchitoyi sadikira kuti mumutchulire nyimbo iliyonse. Mukatchula ziwiri kapena zitatu, iye amawonjezera zina, ndipo amatero m'njira ziwiri. Nthawi zina amati, "Iyinso ndi ya kwaya, kayimbidwe kake n'kofanana ndi zomwe mwasankhazi." Nthawi zina amangoti, "Onse amene amatenga iyi amatenganso iyi," ngakhale nyimbo ziwirizo zisakufanana m'pang'ono pomwe. Mapulogalamu otisankhira nyimbo ndi mafilimu amagwiritsanso ntchito njira ziwiri zomwezi, kungoti iwo amachita kuwerengera.

Njira yoyamba imayang'ana nyimbo yeniyeniyo. Nyimbo iliyonse imalembedwa mbali zake, monga liwiro la kugunda kwake pa mphindi, zida zomwe zikumveka, chilankhulo ndi mtundu wake, kenaka pulogalamu imafufuza nyimbo zina zomwe mbali zake zikuyandikana ndi za nyimbo zomwe inu mumamvera. Kampani ya Pandora ya ku Amerika inamangidwa pa njira imeneyi, ndipo inkalemba akatswiri a nyimbo kuti azimvetsera nyimbo imodziimodzi n'kumalemba mbali zake mazanamazana.

Njira yachiwiri simvetsera nyimbo n'komwe, koma imayang'ana zomwe anthu achita. Tiyerekeze kuti pulogalamu ina ili ndi anthu 600. Nyimbo ya kwaya yomwe inu mumakonda yamveredwa ndi anthu 40, nyimbo ina ya rege yamveredwa ndi anthu 30, ndipo anthu 20 amvera zonse ziwiri. Amene amvera imodzi mwa izo kapena zonse alipo 50, popeza tikaphatikiza 40 ndi 30 tiyenera kuchotsapo 20 aja kuti tisawawerenge kawiri. Tikagawa 20 ndi 50 tikupeza 0.4, ndipo nambala imeneyi ndiyo muyeso wa ubale wa nyimbo ziwirizi.

Kugawako kuli ndi chifukwa chake. Tiyerekezenso kuti pali nyimbo yotchuka yomwe ikulira m'minibasi iliyonse yochokera ku Zomba kupita ku Limbe, yomwe yamveredwa ndi anthu 500, kuphatikizapo 35 mwa okonda kwaya aja. Tikanangowerenga mitu ya anthu, 35 ikanaposa 20. Koma amene amvera imodzi kapena zonse tsopano ndi 505, ndipo 35 kugawa ndi 505 ndi pafupifupi 0.07 basi. Choncho pulogalamu ikupatsani rege ija, chifukwa nyimbo yomwe aliyense wamvera sinena chilichonse chokhudza inuyo panokha. Njira za mtundu umenewu zinatchuka kwambiri kampani ya mafilimu ya Netflix italengeza mu 2006 mphoto ya madola miliyoni imodzi kwa amene angapose pulogalamu yake ndi 10 peresenti polosera mmene anthu angakondere filimu, mphoto yomwe inaperekedwa mu 2009.

Tsopano taganizani za kwaya ya ku Chinamwali yomwe yatulutsa nyimbo dzulo. Palibe amene waimvera, kotero pamwamba pa kagawidwe kaja pali 0, ndipo ubale wake ndi nyimbo ina iliyonse ndi 0, ngakhale itakhala yokoma chotani. Apa m'pamene njira yachiwiri imagwa mphwayi, ndipo vutoli limakula kwa oimba a kuno chifukwa omvera awo ambiri amapatsana nyimbo pa WhatsApp kapena pa memore khadi, kumene pulogalamu siona kanthu. Njira yoyamba ndi yomwe ingathe kuinyamula nyimboyo tsiku loyamba, bola mbali zake zikhale zolembedwa molondola. N'chifukwa chake ndimaona kuti woimba amene amasiya malo olembapo mtundu wa nyimbo ndi chilankhulo opanda kanthu amadzitsekera yekha khomo lomwe linali lotsegula.

Komabe njira yoyambayo ili ndi khungu lakelake. Nyimbo ya pamaliro ndi ya paukwati zingathe kukhala ndi mawu anayi a kwaya, kiyibodi ndi liwiro lofanana, ndipo pulogalamu yoyang'ana kamvekedwe kokha idzaziika pamodzi, pomwe anthu sazimvera nthawi imodzi. Imakondanso kukubwezerani zofanana ndi zomwe munamva kale mpaka kukutopetsani. Pa chifukwa ichi mapulogalamu akuluakulu amasakaniza njira zonse ziwiri, kuyamba ndi mbali za nyimbo ikakhala yatsopano, kenaka n'kumadalira kwambiri zochita za anthu omvera akamachuluka.

Mungathe kuganizira nokha njira yomwe yalamulira. Mukapatsidwa nyimbo ya woimba wosadziwika yomwe ikumveka ngati zomwe mumakonda, mwina ndi kamvekedwe komwe kayibweretsa. Mukapatsidwa yosiyana kotheratu koma n'kukukomerani, ndiye kuti alipo anthu ena omwe makutu awo amayenda ngati anu. Ndipo ngati foni yanu yadzaza nyimbo za ana mutaibwereketsa kwa mdzukulu Loweruka, vuto si njira iliyonse mwa ziwirizi, koma kuti pulogalamu imaona akaunti imodzi n'kuganiza kuti womvera ndi mmodzi. Mukafufuta zomwe mwanayo anamvera pa mndandanda wa zomwe zaseweredwa kale, zomwe ikukupatsani zimayamba kubwerera m'malo mwake.